Mapepala atatu amene ayenera kutsagana ndi sikiripiti yanu

"Ndalemba filimu ya masamba 8, ya zigawo 9, ndipo tikufuna kuijambula m'masiku awiri mwezi wa Juni kuno ku Lilongwe. Amene atibwereke kamera akuti ndiwatumizire mndandanda wa atengambali, ndondomeko ya tsiku ndi kolo shiti. Kodi ndiyambire pati?"

Zikomo achimwene chifukwa cha kalata yanu. Muyambire pa sikiripiti yomweyo, cholembera chili m'manja, chifukwa mapepala atatuwo amabadwira m'menemo. Chigawo chilichonse chikhale ndi nambala, ndipo pambali pake mulembe malo ake, ngati chikuchitikira m'nyumba kapena panja, masana kapena usiku, amene akuonekamo, ndi kutalika kwake. Anthu a mafilimu amagawa tsamba limodzi m'magawo 8, moti chigawo chodzaza theka la tsamba chimalembedwa 4/8. Nambala zimenezi musadzazisinthenso mukangozigawa kwa anthu. Mukawonjezera chigawo pakati pa 4 ndi 5, muchitche 4A.

Mndandanda wa atengambali ndi wosavuta. Aliyense mumpatse nambala, kuyambira amene akuoneka kwambiri: tinene kuti Nachisale ndi 1, mwamuna wake Mavuto ndi 2, agogo ndi 3, mwana ndi 4. Pambali pake mulembe dzina lenileni la wosewerayo, foni yake, dera limene amakhala, masiku amene sangapezeke ndi zigawo zimene alimo. Za mwana mulembe foni ya kholo lake. Pepala limeneli musaliponye pagulu la aliyense.

Ntchito yaikulu ili pa ndondomeko ya tsiku, ndipo apa ndi pamene oyamba kumene amagwa, chifukwa amafuna kujambula motsatira nkhani. Filimu imajambulidwa motsatira malo ndi dzuwa. Tiyerekeze kuti zigawo 1, 4, 7 ndi 9 zikuchitikira panyumba ina ku Kawale, ndipo kutalika kwake ndi 1 2/8, 1 4/8, 6/8 ndi 4/8. Pamodzi ndi masamba 4, omwe ndi ntchito yokwanira tsiku lathunthu kwa gulu la kamera imodzi. Zotsalazo, za kumsika ndi za pamsewu, zidikire tsiku lachiwiri, popeza kusamutsa anthu ndi zipangizo kuchoka ku Kawale kupita kwina kungakudyereni maola awiri musanajambule kanthu.

Ine ndikanayamba ndi chigawo 4 nthawi ya 7:30 m'mawa mpaka 10:30, chifukwa ndicho chachitali ndipo anthu amakhala akadali ndi mphamvu. Chigawo 7 chikanatsatira kuyambira 11:00 mpaka 12:30, kuti mwana, yemwe ali m'zigawo ziwiri zokhazi, adye nkhomaliro n'kupita kwawo. Chigawo 1 chikanatenga 1:30 mpaka 4:00 masana. Chigawo 9, cha panja dzuwa likupendeka, sichingasunthe konse, pakuti mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 5:25 kuno, ndipo mukachiyamba mochedwa kuposa 4:30 mudzaona nkhope zikuda pakati pa chithunzi china ndi chinzake. Choncho pokonza ndondomekoyo muyambe kuika nthawi ya chigawo chimenechi, kenako muwerenge nthawi chobwerera m'mbuyo.

Malowo mukawaone tsiku longa lomwe mudzajambule, ndipo mukaimepo kanthawi mukumvetsera. Ine ndinataya m'mawa wonse wa Loweruka lina chifukwa nyumba yomwe tinaiona Lamulungu, kuli zii, inali kuseri kwa chigayo.

Kolo shiti ndi tsamba limodzi la tsiku limodzi, louza aliyense nthawi ndi malo oti afike, lomwe limatumizidwa madzulo a tsiku loti mawa mujambula. Pamwamba pakhale dzina la filimu, deti, kuti ndi tsiku loyamba mwa awiri, nthawi yotuluka ndi yolowa dzuwa, chipatala chapafupi, ndi foni ya munthu mmodzi yekha woyankha mafunso. Malo muwalongosole monga timalozerana njira, kutchula siteji yotsikira minibasi ndi golosale yokhotera, chifukwa nambala ya puloti yokha siifikitsa wakabaza pakhomo. Pansi pake pabwere zigawo motsatira mmene zijambulidwire, chilichonse ndi nambala za atengambali ake.

Musalembe nthawi imodzi ya anthu onse. Ojambula ndi wotapa mawu afike 6:00, Nachisale ndi Mavuto afike 6:30 kuti avale ndi kudzola, mwana afike 7:00, ndipo agogo, omwe ali m'zigawo 1 ndi 9 zokha, abwere 12:30. Mukawaitana m'mamawa, pofika nthawi yawo adzakhala atatopa ndi kukhala pampando. Mulembenso chovala cha chigawo chilichonse, chifukwa ngati chigawo 1 ndi 4 zikuchitika masiku osiyana m'nkhaniyo, Nachisale ayenera kunyamula zitenje ziwiri. Mukatumiza pa WhatsApp, aliyense ayankhe potchula nthawi yake, ndipo amene sanayankhe pofika 8 koloko usiku mumuimbire.