Mlandu wa 1919 wa ku Mangalande ungaluzitse munthu nyumba ku Malawi?

"Achemwali anga akulimbirana nyumba kukhoti ndi amuna awo. Bamboyo anawalonjeza nyumbayo atapatukana kale, ndipo anasainira papepala. Loya wa bamboyo anatchula mlandu wa Balfour wa 1919, wa ku Mangalande, kuti lonjezo la mwamuna kwa mkazi wake si pangano lomangitsa munthu. Loya wathu anangoti mlanduwo sumanga khoti lino ndipo ndi wosiyana ndi wathu. Kodi chigamulo cha azungu cha zaka zoposa 100 chikutikhudza bwanji, nanga loya wathuyu sakungozemba?"

Mayi, loya wanu sakuzemba. Wanena zinthu ziwiri zosiyana, ndipo chilichonse pachokha chikhoza kufooketsa mlandu umene mnzakeyo watchula. Loya akatchula chigamulo chakale, woweruza amayamba wafunsa kuti chinaperekedwa ndi khoti liti. Akatero amafunsanso kuti khotilo linagamula mfundo yanji, komanso kuti zimene zinachitika pa mlanduwo zinali zotani.

Funso loyambalo limadalira mmene makhoti anasanjidwira. Kwathu kuno pamwamba pali Khoti la Apilo, pansi pake Khoti Lalikulu, kenako makhoti a majisitireti. Khoti la Apilo likagamula mfundo ya lamulo, jaji wa Khoti Lalikulu ndi majisitireti aliyense ayenera kuitsatira ngakhale akuona kuti akuluakuluwo analakwitsa. Akhoza kulemba kuti sakukhutira nayo, koma amagamula motsatira. Chigamulo chotere ndicho chimatchedwa chomanga. Majisitireti amamangidwanso ndi zigamulo za Khoti Lalikulu. Jaji wa Khoti Lalikulu samangidwa ndi jaji mnzake wa khoti lomwelo, chifukwa chake nthawi zina mumapeza zigamulo ziwiri za khoti limodzi zikutsutsana mpaka Khoti la Apilo litathetsa nkhaniyo. Chigamulo cha jaji wapampando wofanana, cha khoti laling'ono, kapena cha khoti la dziko lina chimangounikira. Woweruza amachiwerenga, ndipo akaona kuti ndi chanzeru amachitenga, akaona kuti sichikugwirizana ndi malamulo kapena moyo wa kuno amachisiya.

Musaganize kuti chigamulo chongounikira ndi chopanda mphamvu. Mu 2002 khoti la ku London lotchedwa Privy Council, lomwe limamva apilo zochokera m'mayiko ena omwe kale ankalamulidwa ndi Britain, linaweruza mlandu wa Reyes wa ku Belize. Linati lamulo lokakamiza jaji kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha wa mtundu winawake, osamva kaye mmene zinachitikira, ndi chilango chankhanza. Chigamulocho chinalibe mphamvu yomanga khoti lililonse muno. Koma mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, majaji atatu a Khoti Lalikulu anachitsamira kwambiri pogamula kuti gawo 210 la malamulo a milandu ya upandu, lomwe linkakakamiza chilango cha imfa kwa wakupha aliyense, likusemphana ndi malamulo oyendetsera dziko lino. Anali ndi chilolezo chotero, chifukwa gawo 11 la malamulo oyendetsera dziko limalola makhoti kuyang'ana zigamulo zofanana za mayiko ena. Chaka chomwecho Khoti la Apilo linavomereza mfundoyo pa mlandu wa Jacob. Kuchokera pamenepo jaji wa ku Mzuzu kapena ku Zomba amatsatira mfundoyo chifukwa khoti lake lapamwamba linaivomereza, osati chifukwa a ku London anaiyamba.

Balfour naye ali m'gulu lomweli. Ndi chigamulo cha khoti la apilo la ku Mangalande, choncho kuno chimangounikira. Koma mmene ndikuonera, loya wanu akadangoima pa mfundo iyi yokha akadakhala pamalo oterera. Malamulo athu a mapangano anachokera ku Mangalande komweko, ndipo majaji athu amatsatira kawirikawiri zigamulo zakale zodziwika ngati chimenechi. Mfundo yachiwiri ija, yoti milanduyi ndi yosiyana, ndiyo yolimba, ndipo kuti muimvetse muyenera kudziwa zimene zinachitika kwa a Balfour.

Bambo Balfour ankagwira ntchito ya boma ku Ceylon, dziko lomwe lero ndi Sri Lanka. Anapita ku tchuthi ku Mangalande ndi mkazi wawo, ndipo nthawi yobwerera itakwana dokotala analangiza mayiyo kuti atsale chifukwa cha matenda. Bamboyo analonjeza pakamwa kuti azitumiza mapaundi 30 mwezi uliwonse. Patapita nthawi banjalo linasokonekera, ndalama zinasiya kubwera, ndipo mayiyo anakasuma. Khoti linati palibe pangano, chifukwa mwamuna ndi mkazi amene akukhala mwamtendere akamagwirizana za ndalama zapakhomo sakhala ndi maganizo oti wophwanya mawuwo adzatengeredwe kukhoti. Amangokhulupirirana.

Chimene makhoti ena amatenga m'chigamulo chotere si zotsatira zake zokha, zoti mkazi analuza. Amatenga chifukwa chimene khoti linaperekera chigamulocho, pamodzi ndi zochitika zimene chifukwacho chikudalira. Maloya amachitchula kuti reshiyo. Pa Balfour, reshiyo ikudalira kuti pa nthawi imene lonjezo linkaperekedwa awiriwo anali m'chikondi. Kupatukana kwawo pambuyo pake sikusintha kanthu, popeza khoti limayang'ana maganizo amene anali nawo tsiku lolonjezanalo.

Mu 1970 khoti lomwelo linalandira mlandu wa Merritt. Bambo Merritt anasiya mkazi wake n'kukakhala ndi mkazi wina. Tsiku lina awiriwo anakumana m'galimoto ya bamboyo kuti akambirane za nyumba, yomwe inali isanathe kulipiridwa, patatsala ngongole ya mapaundi pafupifupi 180. Bamboyo anati azipereka mapaundi 40 pa mwezi, mayiyo azibweza ngongoleyo, ndipo ikatha nyumbayo idzalembedwe m'dzina la mayiyo yekha. Mayiyo anakana kutsika m'galimotomo mpaka bamboyo atalemba za nyumbayo papepala n'kusaina. Mayiyo anamaliza ngongoleyo, koma bamboyo anakana kusintha dzina, ndipo kukhoti anabisala kumbuyo kwa Balfour.

Apa zinali zovuta kuposa kwa achemwali anu, chifukwa khoti la apilo la ku Mangalande limamangidwa ndi zigamulo zake zomwe, kupatula pa zifukwa zochepa. Majaji sakanangonena kuti Balfour analakwika. Anasonyeza kuti reshiyo yake siifika pa mlandu umene unali pamaso pawo. Anthu amene apatukana, kapena ali pafupi kupatukana, sadalirananso pa chikondi. Amakambirana mochenjera, aliyense akuteteza zake, ndipo akalemba pepala amalemba kuti lidzagwire ntchito. Mayi Merritt anapatsidwa nyumba, ndipo Balfour anakhalabe lamulo la mabanja amene ali pamtendere. Uku ndiko kusiyanitsa mlandu: chigamulo chakale sichifafanizidwa, chimangoikiridwa malire.

Maloya ambiri amapunthwa poganiza kuti kusiyana kulikonse kukwanira. Milandu iwiri siingafanane zonse. Wina anali ku Ceylon wina ayi, wina mapaundi 30 wina 40, wina 1919 wina 1970, koma zonsezi zilibe ntchito. Njira yoyesera ndi kutenga chinthu chimodzi m'mlandu wakale, kuchisintha m'maganizo, kenako kuwerenganso zifukwa za jaji. Mukasintha mapaundi 30 kukhala 40, mawu a jaji akumvekabe bwinobwino, ndiye kuti kusiyanako ndi kwachabe. Mukasintha "anali m'chikondi" kukhala "anali atapatukana", mawu oti ankangokhulupirirana sakumvekanso. Kusiyana kotereku ndiko kumasuntha khoti. Loya amene akusiyanitsa pa zinthu zachabe mumamudziwa msanga, chifukwa jaji akamufunsa kuti kusiyanako kukusintha chiyani pa chifukwa cha chigamulo, amangobwereza kuti milanduyi ndi yosiyana.

Pali msampha wina wofunika kuudziwa mukamamva zigamulo zikuwerengedwa. Si mawu onse a jaji amene amamanga, ngakhale jajiyo akhale wa khoti lapamwamba. Zimene wanena modutsa, pa nkhani imene siinali yofunika kuti mlanduwo uthe, maloya amati obita, ndipo zimangounikira. Mawu a jaji amene anzake ambiri pa mlanduwo sanagwirizane nawo nawonso samanga. Mu Epulo 2021 dziko lonse linamva kuti Khoti la Apilo lathetsa chilango cha imfa pa mlandu wa Khoviwa. Mu Ogasiti chaka chomwecho chigamulo chomaliza chitatuluka, majaji ambiri anafotokoza kuti amenewo anali maganizo a mnzawo mmodzi, ndipo funso loti chilango cha imfa chikugwirizana ndi malamulo oyendetsera dziko kapena ayi silinali pamaso pawo. Loya akamawerenga ndime yokoma ya m'chigamulo, funso loyenera ndi lakuti ndimeyo ndi ya ndani, ndipo mlanduwo ukanatha chimodzimodzi popanda ndimeyo kapena ayi.

Kwa achemwali anu, zimene mwalembazi zikutsamira kwa Merritt kuposa kwa Balfour, koma khoti lidzafuna umboni. Tsiku limene analemba pepalalo liyenera kukhala pambuyo pa tsiku limene anapatukana, kapena banja litayamba kale kugwedezeka moonekeratu, ndipo apa ankhoswe amene anakhalapo pa zokambirana za banjalo ndi mboni zofunika. Mawu a papepalapo akhale omveka, otchula nyumba yake ndi nthawi yoiperekera, chifukwa "ndidzakuganizira pa za nyumba" si lonjezo limene khoti lingakakamize. Chinanso chimene loya wa bamboyo angagwiritse ntchito posiyanitsa Merritt ndi chakuti mayi Merritt anabweza ngongole monga mbali yawo ya pangano. Ngati achemwali anu anachitapo kanthu chifukwa cha lonjezolo, monga kulipira ngongole, kumalizitsa kumanga kapena kusiya kulondola katundu wina, asonkhanitse malisiti ndi mauthenga onse. Ngati sanapereke kalikonse, bamboyo adzati inali mphatso yongolonjeza, ndipo Merritt sadzawathandiza mokwanira.

Funsaninso loya wanu ngati watsamira pa malamulo athu olembedwa, chifukwa amenewa amaposa chigamulo chilichonse cha ku Mangalande. Gawo 24 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa mkazi ufulu wogawiridwa mwachilungamo katundu amene anali naye limodzi ndi mwamuna wake banja likatha, ndipo palinso lamulo la maukwati la 2015. Zigamulo za makhoti athu zomasulira gawo limenelo zimapezeka pa MalawiLII, ndipo ngati chilipo cha Khoti la Apilo chofanana ndi nkhani ya achemwali anu, ndicho jaji adzayambe kuwerenga asanafike kwa Balfour ndi Merritt.