Mfumu itsogole, poni idikire kumbuyo

"Aphungu, ndili Fomu 2 ndipo ndimasewera chesi ku kalabu ya pasukulu pathu. Kawiri konse ndatsala ndi mfumu ndi poni imodzi, mnzanga ali ndi mfumu yokha, koma tinangolepherana. Aphunzitsi akuti sindidziwa opozishoni. Kodi chimenechi n'chiyani, nanga ndimalakwitsa pati?"

Mwana wanga, tenga bolodi usanapitirize kuwerenga, chifukwa izi zimalowa bwino m'mutu dzanja likamasuntha. Ika mfumu yoyera pa e4, poni yake kumbuyo pa e3, ndipo mfumu yakuda pa e6. Mafumu awiriwa akupenyana maso ndi maso, pakati pawo pali kabokosi kamodzi kokha, e5. Malamulo salola mfumu kukhala moyandikana ndi inzake, choncho palibe imene ingaponde pa d5, e5 kapena f5. Apa wovutika ndi amene ili nthawi yake yosuntha, pakuti mu chesi sungati "ndadutsitsa". Uyenera kusuntha basi, ndipo ukasuntha wapatuka panjira. Amene wasiyira mnzake vuto limeneli ndiye timati wagwira opozishoni.

Tiyambe ndi pamene zakukomera. Iwe ndiwe woyera, ndipo wosuntha ndi wakuda. Mfumu yake ikapita pa d6, usakhudze poni ayi. Lowera mbali imene yasiyidwa, pa f5. Iye abwerera pa e7 kuti akutsekere njira, iwe upite pa e5, mwapenyananso, ndipo wosuntha ndi iye kachiwiri. Apatukira pa d7, iwe ukwere pa f6. Taona kuti mfumu yako yayenda katatu poni ikadali phee pa e3. Tsopano mfumu yakuda ikathawira pa e8, ndiye nthawi yoitana poni: ipite pa e4, iye pa f8, poni pa e5, iye abwerere pa e8, mfumu yako pa e6. Wapatukanso, tinene pa d8, ndipo iwe ukhale pa f7. Uli pamenepo ukulondera e6, e7 ndi e8, msewu wonse wa poni yako, moti palibe choiletsa kukafika kumapeto n'kusanduka mfumukazi.

Ndikuganiza kuti pamene umalakwitsa ndi apa. Ana ambiri amene ndawaona akatsala ndi poni imodzi mtima umakhala m'mwamba, amaithamangitsa ngati basi ikuwasiya, mfumu n'kumabwera pambuyo. Poni sibwerera m'mbuyo. Kabokosi kalikonse kamene yapita patsogolo nthawi isanakwane, wataya mpata umene sudzaupezanso.

Bwezera zonse monga poyamba, koma tsopano wosuntha ukhale iwe woyera. Opozishoni ili m'manja mwa wakuda, ndipo akadziwa chochita simungapambanane. Ukapita pa d4 iye abwera pa d6, ukanapita pa f4 akanabwera pa f6, amangokutsata ngati chithunzithunzi. Ukatopa ukankha poni pa e4, iye pa e6, poni pa e5, iye pa e7. Mfumu yako ikwera pa d5, iye aipenya pa d7. Poni ipereka cheki pa e6, iye aima patsogolo pake pa e7, ndipo iwe uiteteza uli pa e5. Imitsa dzanja pamenepa, chifukwa masewera onse agona pa kusuntha kumodzi kumeneku.

Wakuda ayenera kubwerera molunjika kumbuyo, pa e8. Ukabwera pa d6, iye akupenya pa d8, wagwiranso opozishoni. Poni ikwera pa e7 ndi cheki, iye pa e8, ndipo kuti usataye poni uyenera kupita pa e6. Yang'ana bwino: mfumu yakuda siili pa cheki, koma ilibe koponda. Imeneyi ndi sitelimeti, mwalepherana. Ndikukhulupirira kuti ndi chithunzi chimene unachiona kawiri kaja.

Nanga wakuda akanabwerera chopingasa, pa d8 m'malo mwa e8? Ukanapita pa d6, opozishoni n'kukhala yako. Iye pa e8, poni pa e7 popanda cheki, iye akakamizika kutuluka pa f7, mfumu yako pa d7, basi zatha. Pali chizindikiro chosavuta kuchisunga: m'malo otere, poni ikafika pa mzere wa 7 ikupereka cheki, mwalepherana, koma ikafika mwakachetechete wapambana. Uphunzire mbali yotetezayi ndi mtima wonse, chifukwa tsiku lina wotsala ndi mfumu yokha udzakhala iwe, ndipo theka la pointi pa mpikisano si laling'ono.

Tsopano uone chifukwa chake ndimaumirira kuti poni isafulumire. Pa malo athu oyamba aja, ibweze poniyo pa e2, mafumu akhale pomwepo, wosuntha ukhale iwe. Mmalo mopatuka ndi mfumu, ungokankha poni pa e3, kabokosi kamodzi osati tiwiri, ndipo vuto losuntha lagwera mnzako. Poni yotsalira kumbuyo ili ngati ndalama yapadera imene mayi amamanga pa nsonga ya chitenje. Ukaidyeratu panjira, pofika pofunika upeza palibe.

Koma usatenge opozishoni ngati mankhwala ochiza chilichonse. Cholinga si kupenyana, cholinga n'chakuti mfumu yako idutse ikafike patsogolo. Njira ikatseguka, dutsa, usatayenso nthawi kufunafuna kupenyana. Ndipo pali malo pamene opozishoni ilibe ntchito. Mfumu yako ikakhala pa e6, poni pa e5, mfumu yakuda pa e8, wapambana kaya wosuntha ndi ndani. Ngati ndi iwe, pita pa d6, iye pa d8, poni pa e6, iye pa e8, poni pa e7 mopanda cheki, ndipo zonse ukuzidziwa kale. Wakuda alibenso malo obwerera, bolodi yamuthera. Kwinaku, poni ya m'mphepete, ya pa mzere wa a kapena wa h, ndi yosautsa: mfumu yoteteza ikangofika pakona imene poniyo ikupita, ngakhale ugwire opozishoni kangati, sungaitulutsemo, chifukwa mbali inayo kulibe kabokosi koti ipatukire.

Mafumu akakhala patali pa mzere umodzi, lamulo ndi lomwelo, kungoti umawerenga. Pakati pakhale timabokosi 3 kapena 5, wosuntha akhale mnzako. Ngati kuwerenga kukuchedwetsa wotchi ikuyenda, yang'ana mtundu: ika mfumu yako pa kabokosi kofanana mtundu ndi kamene pali yake.

Sabata ino pempha mnzako mmodzi wa ku kalabu mukhale pansi pa nthawi yopuma. Zofunika ndi zitatu zokha, mafumu awiri ndi poni, moti ngakhale bolodi yojambula pa katoni ndi zitsekerero za mabotolo zikwana. Yambani pa e4, e3 ndi e6, musewere kakhumi iwe uli woyera, kakhumi uli wakuda, mukusinthana woyamba kusuntha. Usanagwire mfumu, uzinena mokweza kuti "ndikaponda apa, wosuntha akhala ndani?" Mukakhoza zimenezi, sunthirani zonse ku mzere wa d ndi wa c, kenako ku mzere wa h kuti uone wekha mmene kona imakanira. Ukakakamira penapake, lemba malo a zonse zitatu ndi amene akusuntha, ukawaonetse aphunzitsi ako kapena unditumizire kuno.