12 peresenti ikhoza kuposa 12.5 peresenti

"Ndili ndi 100,000 pa akaunti yosungirako ndalama. Banki yanga imati chiwongoladzanja ndi 12 peresenti pachaka, choikidwa mwezi uliwonse, koma mwezi watha andiikira 986.30 yokha pomwe ndimayembekezera 1,000. Banki ina ikupereka 12.5 peresenti kamodzi pachaka. Ndisamuke?"

Musasamuke msanga. Ngati palibe zina zodulidwa, pomwe mulipo ndi pabwino, ndipo 986.30 ija sanakubereni.

Nambala ya 12 imene banki imalengeza si ndalama zimene mudzapeze chaka chikatha. Ndi nambala yowerengetsera chabe: amaigawa ndi miyezi 12 n'kupeza 1 peresenti pamwezi. Chiwongoladzanja cha mwezi woyamba chikangolowa pa akaunti chimasanduka ndalama zanu ngati zina zonse, ndipo nacho chimayamba kubereka. Tiyerekeze kaye kuti miyezi yonse ndi yofanana. Mwezi woyamba 100,000 ibereka 1,000. Mwezi wachiwiri banki iwerengera pa 101,000, ndiye mulandira 1,010. Wachitatu iwerengera pa 102,010, mulandira 1,020.10. Zikapitirira choncho osatapako kanthu, chaka chikamatha muli ndi 112,682.50. Ndiye kuti chiwongoladzanja chenicheni cha pachaka ndi 12.68 peresenti. Banki inayo idzakupatsani 12,500 kamodzi, basi, chifukwa kwa iwo nambala yolengezedwa ndi yeniyeniyo n'chimodzimodzi. Mukasamuka mutaya 182.50.

Simukuyenera kuwerenga mwezi ndi mwezi nthawi zonse. Njira yachidule ndi iyi:

```
(1 + r/n)^n - 1
(1 + 0.12/12)^12 - 1 = 0.1268
```

Apa r ndi chiwongoladzanja cholengezedwa, cholembedwa 0.12 m'malo mwa 12 peresenti, n ndi kangati pachaka amachiika pa akaunti. Kawiri pachaka 12 yomweyo imatuluka 12.36, miyezi itatu iliyonse 12.55, tsiku lililonse 12.75. Taonani kuti phindu la kuika pafupipafupi limanka licheperachepera. Kuchoka pachaka kufika pamwezi mwapeza 0.68, koma kuchoka pamwezi kufika patsiku mwangopeza 0.07. Choncho banki ikamadzitama kuti imaika tsiku ndi tsiku, ine sinditengeka nazo kwenikweni. Ndiponso pa chiwongoladzanja chochepa nkhani yonseyi imafota: 3 peresenti yoikidwa pamwezi ndi 3.04 yokha.

Tsopano 986.30 yanu. Mabanki ambiri sagawa chaka m'zigawo 12 zofanana, amawerenga masiku. Tsiku lililonse amatenga ndalama zimene zagona pa akaunti, kuchulukitsa ndi 0.12, kugawa ndi 365. Pa 100,000 zimatuluka pafupifupi 32.88 patsiku. Mwezi wa masiku 30 ndi 986.30, ndendende imene mwaiona. Ukanakhala wa masiku 31 mukanaona 1,019.18, ndipo wa masiku 28 ukanakupatsani 920.55. Pakutha pa chaka zimabwererana, mumafikabe pafupi ndi 12.68.

Apa m'pamene ambiri amasokonezeka, chifukwa kuwerengera ndi kuika ndi zinthu ziwiri. Chiwongoladzanja chikhoza kuwerengedwa tsiku ndi tsiku koma n'kumangounjikana pambali mpaka tsiku loika. Nthawi zambiri chikadali pambalipo sichibereka. Ndiye n wa mu fomula muja ndi nthawi zimene chawonjezedwa pa ndalama zanu, osati nthawi zimene chawerengedwa. Mukamva "timawerengera tsiku lililonse", funsani kuti "nanga mumaika liti?"

Koma 12.68 ili ndi malire ake. Imaganiza kuti simutapa chiwongoladzanjacho ndipo banki sisintha nambala yake chaka chili mkati. Ngati mwezi uliwonse mumatenga chimene chalowa, kapena chimapita ku akaunti ina, mupeza 12,000 yokha pachaka, ndipo pamenepo banki ya 12.5 ndi imene yapambana, bola mupirire mpaka tsiku lawo loika. Muonenso pangano lawo, chifukwa akaunti zina munthu akatseka tsikulo lisanafike amataya gawo la zimene zinaunjikana. Palinso zina zimene zimawerengera pa ndalama zochepetsetsa zimene zinatsala m'mweziwo, moti kutapa kwa tsiku limodzi kumagwetsa mwezi wathunthu ngakhale mutabwezeramo mawa lake. Msonkho, kumene umadulidwa chiwongoladzanja chisanalowe, umachepetsanso chimene chikabereke mwezi wotsatira.

Poyerekeza mabanki awiri, yang'anani pa pepala lawo zilembo za AER kapena APY. Zimenezo ndi nambala yeniyeni ya pachaka yowerengedwa kale. Mukangoona "p.a." pokha, kutanthauza "pachaka", musaganize kuti ndi yomweyo. Ifunseni, kapena iwerengeni nokha ndi fomula ija. Sitetimenti yotsatira ikabwera, ngati mweziwo ndi wa masiku 31 ndipo simunatapeko, muyenera kuona 1,029.23, chifukwa tsopano akuwerengera pa 100,986.30.