Anthu anayi, mashifiti atatu: wikendi igawidwe bwanji?

"Achimwene, ndimayang'anira anyamata anayi pa filingi siteshoni yomwe sititseka usiku. Aliyense akufuna ofu Loweruka ndi Lamulungu ndiye ndikayika rota pakhoma ndi mkangano basi, akuti ndimakondera. Ndipange bwanji?"

Zikomo achimwene polemba. Tiyambe ndi masamu kaye. Sabata ili ndi maola 168, ndipo lamulo la ntchito ku Malawi la chaka cha 2000 limati maola wamba asapitirire 48 pa sabata, komanso munthu asagwire masiku oposa 6 motsatizana osapuma tsiku lathunthu. Mashifiti atatu a maola 8, anthu anayi, ndiye kuti tsiku lililonse amene akupuma ndi mmodzi yekha. Choncho wikendi yathunthu aliyense aziyipeza kamodzi pa masabata anayi, palibenso njira ina, ndipo anyamatawo muwauze zimenezi poyera, muwerengere nawo limodzi.

Musalembe mayina pa masiku, lembani mizere inayi. M ndi m'mawa 6 mpaka 2, S masana 2 mpaka 10, U usiku 10 mpaka 6, P kupuma, kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu:

1: M U U U P S S
2: S S S P U U U
3: U P P M M M M
4: P M M S S P P

Aliyense ayambe pa mzere wake, Lolemba likafika atsike mzere umodzi, wa pa 4 abwerere pa 1. Mukawerenga chotsika muona kuti tsiku lililonse lili ndi M, S, U ndi P kamodzi kamodzi. Mizere iwiri yoyambayo ndi maola 48, wachitatu 40, wachinayi 32.

Chomwe chimandiwawa pa marota ambiri ndi usiku. Munthu waweruka 6 koloko m'mawa Lachisanu, papepala alemba kuti Lachisanu wapuma kenako Loweruka 6 m'mawa abwerenso, pamene tsiku lonselo wangogona, sanachape, sanaone ana, ndiye pa pampu akupereka chenji cholakwika inu nkumati ndi wakuba pamene ndi tulo. Nchifukwa chake pa mzere 1 amabwerera Loweruka 2 koloko masana, papita maola 32. Ndipo paliponse S sakutsatana ndi M, chifukwa woweruka 10 usiku nkudzalowa 6 m'mawa ali ndi maola 8 okha, muchotsepo minibasi ndi kusamba.

Kusinthana muwalole, wina amapemphera Loweruka, wina ali ndi ukwati kumudzi, koma zilembedwe m'buku ndipo muone kuti sizikubweretsa S kenako M kapena masiku 7 osapuma.

Rota iyi ilibe mpata wa matenda, maliro kapena tchuthi cha pachaka. Mmodzi akachoka, atatu otsalawo agwera pa maola 56 aliyense, ndiye kambiranani ndi abwana pakhale munthu wachisanu woitanidwa nthawi ngati zimenezo.