Theka limene linabisala pakona: yankho kwa wophunzira amene anathethedwa pa funso la limiti ndi intigiro

"Aphunzitsi, pa mayeso tinapatsidwa `f_n(x) = n·x·(1 − x²)^n` pa chigawo cha `[0, 1]`. Ndinasonyeza kuti pa x aliyense limiti ndi 0, choncho ndinalemba kuti limiti ya intigiro nayonso ndi 0. Andithetha, akuti yankho ndi 1/2. Ngati fankishoni ikupita ku 0 paliponse, theka limeneli likuchokera kuti? Nanga ndingadziwe bwanji nthawi imene n'kololedwa kulowetsa limiti m'kati mwa intigiro?"

Kalata yanuyi inandikumbutsa pepala langa la chaka chachiwiri ku koleji, limene ndinalisunga kwa zaka zambiri m'chikuto cha buku la masamu chifukwa cha mkwiyo. Funso linali lofanana ndi lanuli, ndipo mphunzitsi wathu sanalembe zambiri, koma anangozunguliza mzere umodzi ndi cholembera chofiira n'kulemba pambali kuti "N wanu akudalira x". Ndinaganiza kuti bamboyo akungofuna kutivutitsa, popeza ndinali nditayesa manambala angapo pa kakyuleta ndipo onse ankatsikira ku 0. Usiku umenewo magetsi anazima, ndipo ndinakhala pa kandulo ndikudzaza tsamba lakumapeto kwa kope ndi manambala, cholinga changa chili choti m'mawa ndikawasonyeze kuti alakwitsa ndi iwo. Amene anatsutsidwa ndi tsambalo ndinali ine ndemwe.

Zimene ndinaona usiku umenewo mukhoza kuziona nanunso pa fankishoni yanuyi. Tinene kuti tikufuna kuti `f_n(x)` itsike pansi pa 0.01 n'kukhala komweko. Mukatenga x = 0.5, zimenezi zimachitika kuyambira pa n = 25. Mukatenga x = 0.1, pa n = 100 fankishoni idakali pa 3.66, ndipo muyenera kudikira mpaka n apitirire 900. Mukatenga x = 0.01, mudikira mpaka n apitirire 116,000. Nambala iliyonse imafika ndithu, simunaname pamenepo, koma iliyonse imafika pa nthawi yake, ndipo mukamayandikira ku 0 nthawi yodikirayo imatalika mopanda malire. Palibe n mmodzi amene mungaime pa iye n'kunena kuti tsopano manambala onse a m'chigawochi atsika pansi pa 0.01. Ndicho chimene cholembera chofiira chija chinkatanthauza.

Kusiyana kwa mitundu iwiri ya kuyandikiraku kwagona pa chimene chimayamba kusankhidwa. Pa kuyandikira kwa nambala imodzi imodzi, munthu amakupatsani x ndi kanambala kakang'ono ε, kenako inu mumapeza N woyenerera x ameneyo. Pa kuyandikira kwa yunifomu amakupatsani ε yekha, ndipo N amene mupeze ayenera kukwanira x aliyense wa m'chigawo, ngakhale amene mdani wanu angasankhe ataona kale N wanuyo. Ophunzira anga amaseka akamva mawu akuti yunifomu, koma ine ndimawauza kuti asaleke kuganiza za malaya a sukulu, chifukwa tanthauzo lake ndi lomwelo: chovala chimodzi cha onse, N mmodzi wa onse.

Tsopano tifufuze theka lanu. Girafu ya `f_n` ili ngati mulu umene umayambira pa 0, n'kukwera, n'kutsikanso kufika pa 0 pamene x = 1. Nsonga ya muluwo timaipeza ndi derivetivi:

```
f_n'(x) = n·(1 − x²)^(n−1)·(1 − (2n+1)·x²)
f_n'(x) = 0  ⇒  x = 1/√(2n+1)
```

Pa n = 1 nsongayo ili pa x = 0.577 ndipo msinkhu wake ndi 0.385. Pa n = 100 yasunthira pa x = 0.0705 ndipo yafika 4.28. Pa n = 10,000 ili pa x = 0.00707 ndipo yafika pafupifupi 42.9. Muluwo sukuphwa ayi, koma ukuonda, ukutalika, uku ukusendera kufupi ndi 0. Ganizirani munthu amene akusesa mchenga m'chipinda koma osautulutsa, akungoukankhira kukona. Malo alionse amene mungaloze ndi chala adzayera tsache likawadutsa, komabe mchenga wonse udakali m'chipindamo. Intigiro imayeza mchengawo, siyeza malo amene mwalozawo. Mukaika `u = 1 − x²` mumapeza kuti

```
∫₀¹ n·x·(1 − x²)^n dx = (n/2)·∫₀¹ u^n du = n / (2(n+1))
```

ndipo nambala imeneyi ndi 1/4 pa n = 1, pafupifupi 0.495 pa n = 100, ndipo ikupita ku 1/2. Theka lanu ndi mchenga umene uli pakona.

Pano ndilankhule mosabisa mawu, ngakhale anzanga ena a ntchito sadzakondwa nazo. Ndikuona kuti timalakwira ophunzira tikayamba ndi tanthauzo la ε ndi N, n'kuwaloweza ngati ndakatulo, tisanawajambulitse mulu ngati umenewu ndi manja awo. Wophunzira amene sanaonepo limiti ndi intigiro zikukana kusinthana malo alibe chifukwa chokhulupirira kuti pali vuto, ndipo amaona tanthauzolo ngati mwambo wongokondweretsa wochonga mayeso. Sindiona cholakwa chanu ngati cha ulesi. Ngakhale Cauchy, amene anayala maziko a phunziro limeneli, analemba mu 1821 kuti kuphatikiza kosatha kwa mafankishoni osadukiza kumabala fankishoni yosadukiza, ndipo mu 1826 Abel anasonyeza chitsanzo chimene chinkakana lamulolo, cha `sin x − (sin 2x)/2 + (sin 3x)/3 − …`, chimene chimadumpha pa x = π. Panapita zaka zina makumi awiri kuti Seidel ndi Stokes, aliyense payekha cha m'ma 1847, aloze pamene panali mpata, ndipo Weierstrass ndi amene anakhazikitsa ganizoli m'maphunziro ake ku Berlin. Ngati akatswiri amenewa anatenga nthawi yotere, n'kupanda chilungamo kuyembekezera kuti wophunzira azimve mu sabata imodzi popanda chithunzi.

Chinanso chimene chimandiwawa ndi chizolowezi chodalira girafu ya pa kompyuta kapena tebulo la manambala khumi. Mukayesa `f_n` pa x = 0, 0.1, 0.2 mpaka 1, n ali 1,000, nambala yaikulu imene muone ndi 0.0043, ndipo mudzanena kuti zonse zatha. Nsonga yeniyeni, yoposa 13, yabisala pakati pa 0 ndi 0.1, pamene simunayang'ane. Tebulo lililonse la manambala owerengeka limanamiza motere, chifukwa pa manambala owerengeka kuyandikira kumakhala kwa yunifomu nthawi zonse: mumangotenga N wamkulu pa onsewo. Vuto limabadwa chifukwa manambala a m'chigawo ndi osawerengeka.

Chifukwa chake yunifomu imalola kusinthanitsa

Tengani mpata waukulu kwambiri pakati pa `f_n` ndi limiti yake f pa chigawo chonse, muutchule `M_n = sup |f_n(x) − f(x)|`. Kuyandikira ndi kwa yunifomu ngati `M_n` akupita ku 0, ndipo si kwa yunifomu ngati sakupita. Umboni wa kusinthanitsa ndi wa mzere umodzi:

```
|∫ f_n − ∫ f| ≤ ∫ |f_n − f| ≤ (b − a)·M_n
```

Kusiyana kwa ma intigiro awiriwo sikungapose bokosi la m'lifupi `b − a` ndi msinkhu `M_n`, choncho msinkhuwo ukaphwa, kusiyanako kumaphwanso. Pa funso lanu `M_n` akukula ngati √n, ndiye bokosilo silikukuthandizani. Onaninso kuti chigawo chili ndi mbali yake pa nkhaniyi. Fankishoni yomweyi pa `[0.1, 1]` imayandikira 0 mwa yunifomu, chifukwa kuyambira pa n = 50 nsonga imakhala itatuluka m'chigawocho, `M_n` amasanduka `f_n(0.1)`, ndipo ameneyu amapita ku 0. N'chifukwa chake chiganizo chakuti "mndandandawu ndi wa yunifomu" n'chosakwanira ngati simunatchule chigawo.

Pali misampha iwiri imene ndimaiona chaka ndi chaka m'mapepala. Woyamba ndi kuganiza kuti yunifomu ikalephera ndiye kuti kusinthanitsa kwalepheranso. Sizili choncho. Tengani `x^n` pa `[0, 1]`: limiti yake ndi 0 paliponse kupatula pa x = 1 pamene ndi 1, ndipo popeza limitiyo ikudumpha pamene mafankishoni onse ndi osadukiza, kuyandikirako sikungakhale kwa yunifomu. Ndithudi `M_n` ndi 1 pa n aliyense. Komabe intigiro ya `x^n` ndi `1/(n+1)`, imene ikupita ku 0, mogwirizana ndi intigiro ya limitiyo. Chimene chapulumutsa apa n'chakuti mafankishoni onse ali pansi pa denga limodzi, la 1, ndipo Arzelà anasonyeza mu 1885 kuti pa chigawo chokhala ndi malire denga lotere limakwanira, bola limitiyo ikhale ndi intigiro. Lamulo la Lebesgue limene mudzaphunzire m'tsogolo limakulitsa ganizo lomweli, polola dengalo kukhala fankishoni imene intigiro yake ili ndi malire. Mulu wanu uja ulibe denga lotere, ndipo sungakhale nalo, chifukwa likanakhalapo yankho likanakhala 0.

Msampha wachiwiri ndi kuiwala `b − a`. Tengani `g_n` imene ndi `1/n` kuyambira pa 0 mpaka pa n, ndi 0 kupitirira pamenepo. Apa `M_n = 1/n`, kotero kuyandikira ku 0 ndi kwa yunifomu pa `[0, ∞)`, koma intigiro ndi 1 pa n aliyense. Mchenga uwu sunaunjikidwe pakona, wangomwazidwa mopyapyala pa bwalo lopanda mpanda, ndipo bokosi lija lilibe m'lifupi woti tichulukitse.

Pa mayeso otsatira, yambani mwapeza limiti f pa x aliyense, osaiwala kuyesa mapeto awiri a chigawo paokha. Ngati f ikudumpha pamene `f_n` zonse n'zosadukiza, mwatha, si yunifomu. Ngati sikudumpha, monga pa funso lanu, pezani `M_n` ndi derivetivi. Derivetivi ikavuta, sankhani x amene akuyenda limodzi ndi n, monga `x = 1/n`: pa fankishoni yanu zimenezi zimapereka `(1 − 1/n²)^n`, imene ikupita ku 1 osati ku 0, ndipo mzere umodzi umenewu ukanakuchenjezani kuti muwerengere intigiroyo kaye musanatenge limiti.