Malizani si dzina la mwana wodedwa

"Mayi anga dzina lawo ndi Malizani, amalume ndi Mavuto, koma chitsiriziro m'banjamo ndi Tadala. Kodi agogo ankawada ana awo oyambawo kapena chiyani?"

Ayi achemwali, sikuwada. Mwina Malizaniyo ndiye ankamuopera kuposa ana onse. Kafunseni kwa akuluakulu a kuchikazi kwanu ngati panalibe ana amene anamwalira mayi anu asanabadwe. Nthawi zambiri dzina limeneli limabwera pambuyo pa maliro a makanda, awiri kapena atatu otsatizana.

Kale mwana sankamutcha dzina tsiku lobadwa. Mayi ndi khanda ankakhala kaye m'chikuta mpaka mchombo utagwa, pafupifupi sabata imodzi, ndipo potuluka m'pamene agogo, azakhali kapena amalume ankatchula dzina. Wotchulayo anali munthu amene waona zonse za pakhomopo: amene anadwala, amene anaikidwa, amene akuganiziridwa. Tsono m'mudzi simungaloze munthu chala n'kunena kuti ndinu mukutitha, mungautse mlandu wa kwa mfumu. Koma kuitana mwana wanu palibe angakuletseni. Agogo akaima pakhonde madzulo n'kufuula kuti "Malizaniii!", mudzi wonse ukumva, ndipo amene akumunenayo akudzidziwa. Tanthauzo lake ndi lakuti munatenga enawo, bwerani mudzamalize ndi uyu. Mwatitha, Tinenenji ndi Ndaziona ali m'gulu lomweli. Mawuwo sakupita kwa mwana, akupita kwa anthu kapena kwa imfa imene.

Palinso maganizo ena pansi pake. Makolo ankakhulupirira kuti mwana womunyadira poyera amakopa maso oipa, ndiye ankamupatsa dzina lomuchepetsa, monga Manda kapena Maliro, ngati kuti ataya kale mtima, kuti womufunira zoipa aone kuti palibe chopwetekera pano. Izi si zathu zokha. Ayoruba a ku Nigeria ali ndi ana amene amawatcha abiku, omwe amati amabadwa n'kufa n'kubweranso mwa mayi yemweyo. Mwana wotere amamutcha Malomo, kumupempha kuti asapitenso, kapena Kokumo, kunena kuti uyu safanso. Aigbo ali ndi Ozoemena, pempho lakuti zisachitikenso. Aakan a ku Ghana ankafika potcha mwana Donkor, kapolo, kuti imfa imuone ngati wopanda pake. Kusiyana kwake n'kwakuti Ayoruba amalankhula ndi mwanayo, pamene Malizani wathu amalankhula ndi amene akumuganizira kuti ndi wakupha.

Mavuto ndi nkhani ina, yosavuta kwenikweni. Limangolemba nyengo: mimba inavuta, bambo anamwalira kapena kuthawa mayi ali oyembekezera, kapena kunali chilala. Ngati amalumewo anabadwa cha mu 1949, musafunsenso, ndi chaka cha njala yaikulu ija. Masautso ndi Chisoni amayenda momwemo, monga Suzgo kwa Atumbuka ndi Nhamo kwa Ashona.

Mukawandandika mainawo motsata kubadwa, mbiri ya agogo anu ikuoneka yokha. Poyamba maliro ndi kukayikirana, kenako chaka chowawa, ndiye pamapeto ana akukula, mtima wakhala pansi, n'kutcha Tadala. Dzina ngati limenelo limapatsidwanso kwa mwana wodikiridwa nthawi yaitali. Mayi amene wakhala zaka osaona mwana, apongozi akunong'ona, akabereka mumamva Yankho, Mphatso, Tayamika kapena Chimwemwe. Koma musaganize kuti onse otere ndi ofatsa. Pali ena oyankha adani, monga Zione, amene kwa ine ndi achibale a Malizani, kungoti awa akulankhula atapambana.

Chenjezo limodzi: si Mavuto aliyense anabadwa pa mavuto. Ana ambiri amatchedwa dzina la agogo kapena amalume, ndiye vutolo likhoza kukhala la mibadwo iwiri kumbuyo. Njira yodziwira ndi kufunsa mafunso awiri, anatcha ndani, ndipo m'banjamo munali kale wina wa dzinali? Likakhala loyamba, ndiye kuti nkhani yake ilipo.

Masiku ano maina owawawa akuchepa. Makanda sakufa ngati kale, mipingo imalimbikitsa maina othokoza, ndipo ambiri akuopa kuti dzina limamutsata munthu. Komanso mwana akubadwira kuchipatala, dzina likufunika msanga pa khadi la kusikelo ndi pa kalata ya kubadwa, ndiye makolo amasankha okha agogo asanafike. Mukapita kukafunsa, musayambe ndi "bwanji munawatcha dzina loipa", akhoza kungokhala chete. Funsani kuti mayi anu ndi achingati kubadwa, osati achingati mwa amoyo, chifukwa manambala awiriwo kawirikawiri amasiyana.