Dzina la udindo wanga silinena ntchito imene ndimagwira

"Zikomo. Pa kalata yondilembera ntchito analemba kuti ndine Support Officer, koma kwa zaka zinayi tsopano ine ndi amene ndimasunga katundu ndi kugula zofunika pa bungwe lathu. Ndafunsira ntchito ya Stores Officer m'malo angapo, sakundiitana. Kodi ndingosintha dzinalo pa CV?"

Ayi achemwali, musalisinthe. Gawo 31 la lamulo la za ntchito la m'chaka cha 2000 limati ntchito ikatha, bwana apereke chikalata kwa wantchito amene wachipempha, ndipo mwa zina chimatchula nthawi imene munthu wagwira komanso udindo umene anali nawo. A ku ofesi yoona za antchito amangokopera dzina lomwe lili m'faelo yanu. Ndiye abwana atsopano akaona dzina lina pa CV, lina pa chikalata, kapena akaimba foni n'kumva kuti "kuno tinalibe Stores Officer", sadzakufunsaninso kuti mufotokoze. Adzangoti munanama, pamene ntchitoyo munkaigwiradi. Zimenezi zimandiwawa kwambiri.

Dzinalo lisiyeni momwe lilili, koma lisakhale lokha. Pa mzere womwewo onjezerani ntchito yeniyeni:

```
Support Officer, responsible for stores and purchasing
```

Wosankha makalata amakhala ndi mulu patebulo, ndipo poyamba diso lake limangothamanga pa maina a maudindo. Mawu owonjezerawo ndi amene angamuimitse. Atengeni m'chilengezo cha ntchito chomwe mukufunsiracho, malinga ngati akunena zoona za inu.

Pansi pa mzerewo ndi pamene pagona nkhani. Ambiri amakoperapo zimene zili m'kalata ya ntchito, zakuti "kuthandiza pa ntchito za tsiku ndi tsiku" ndi "ntchito zina zimene ndapatsidwa". Mawu otere angakwane mesenjala, angakwanenso wachiwiri kwa bwana, choncho sauza munthu kanthu. Inu khalani pansi mulembe mapepala onse amene amadutsa m'manja mwanu pa mwezi. Kodi ndinu amene mumapempha makoteshoni atatu kwa ogulitsa n'kuyerekeza mitengo? Mumalemba LPO, pepala loitanitsira katundu kwa wogulitsa? Katundu akafika, mumawerenga n'kusainira GRN, pepala lotsimikiza kuti katunduyo walandiridwa? Makadi olembapo zolowa ndi zotuluka amakhala ndi inu? Kiyi wa nyumba ya katundu amasunga ndani? Munthu wodziwa ntchito imeneyi akangoona maina a mapepalawa amazindikira mnzake, ngakhale udindo utalembedwa dzina lachilendo bwanji.

Kenako muonetse kukula kwake. Tiyerekeze kuti mumasunga mitundu 150 ya katundu, mumatumiza ku maofesi atatu a m'maboma, ndipo mumawerengera katundu yense pakutha pa mwezi uliwonse. Lembani zomwezo, chilichonse pa mzere wake, ndipo mutchule amene mumapereka lipoti kwa iye. Kunena kuti lipoti lanu limapita kwa mkulu wa zachuma kumaonetsa msinkhu wanu kuposa dzina la udindo. Manambala akhale oti mungawaikire umboni. Ndalama zenizeni za bungwe, ngati ndi zachinsinsi, musazitchule. Kuchuluka kwa katundu ndi maofesi n'kokwanira.

Pali malire amene ndikufuna muwasamale. Kukonza pepala ndi kuvomereza pepala n'zosiyana. Ngati inu mumalemba LPO koma wosaina kuti ndalama zituluke ndi wina, lembani kuti mumakonza, osati mumavomereza. Pa intavyu funso lakuti "amavomereza ndani kugula?" limabwera msanga, ndipo wokokomeza amagwidwira pomwepo. Komanso ntchito yogula katundu kuno ili ndi bungwe lake la akatswiri, Malawi Institute of Procurement and Supply, ndipo zilengezo zambiri zimafuna membala wake. Pamenepo kalembedwe kabwino sikangalowe m'malo mwa umembala, ndiye werengani chilengezo mpaka pansi musanawononge ndalama ya fotokope.

Chinthu china muchite mukadali pantchito pomwepo. Pemphani amene amakuyang'anirani kuti mndandanda wa ntchito zanu ulembedwenso mogwirizana ndi zimene mukuchita lero, asaine, kope imodzi ilowe m'faelo, ina musunge. Nthawi yabwino yopempha ndi pamene akuunika kagwiridwe kanu ka ntchito ka pachaka, chifukwa nkhani yake ndi yomweyo ndipo palibe angadabwe. Mabwana ambiri amakana kusintha dzina la udindo poopa kuti likhudza giredi ndi malipiro, koma kusainira ntchito zimene akuziona ndi maso savuta nako.

Posankha okuperekerani umboni, ikani munthu amene amalandira malipoti anu a katundu, osati mkulu wa bungwe amene amangokudziwani nkhope. Mutumizireni CV yatsopanoyo asanaimbiridwe foni, aone mzere uja mwawonjezera, ndipo mumufunse ngati pali liwu limene sakugwirizana nalo. Likakhalapo, likonzeni musanatumize.